Yankho Ndi 13, 19 Kapena 9? Samu ya Masheya Yomwe Imakola Anthu pa Chiwongoladzanja cha Boma

Funso ili limapezeka m'mabuku ambiri a zachuma, ndipo amene analembapo mayeso a akawunti kapena a zamabanki angalizindikire msanga. Boma likulipira chiwongoladzanja cha 4 peresenti pachaka kwa aliyense wolikongoza ndalama. Msika wonse wa masheya ukuyembekezeka kupereka 10 peresenti. Sheya ya kampani ina ili ndi beta ya 1.5. Kodi wogula sheya imeneyi ayenera kuyembekezera phindu lochuluka bwanji?

Mayankho amene amabwerabwera ndi atatu: 13, 19 ndi 9. Lolondola ndi 13. Ena awiriwo sachokera kwa anthu osadziwa kuchulukitsa ayi. Onse amapunthwa pa nambala imodzi, 4 uja, wamng'ono pa onse, amene munthu amangomulumpha ndi maso poganiza kuti nkhani yaikulu ili pa beta.

Samuyi ndi ya njira yotchedwa CAPM, yomwe William Sharpe wa ku America anaifalitsa mu 1964, pomanga pa ntchito ya Harry Markowitz ya mu 1952. John Lintner ndi Jan Mossin anafikanso pa mfundo yomweyo aliyense payekha, mu 1965 ndi 1966, ndipo mu 1990 Sharpe analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Markowitz ndi Merton Miller. Ganizo lake si lovuta. Zinthu zimene zingagwetse mtengo wa sheya zili mitundu iwiri. Pali tsoka la kampani imodzi yokha: fakitale yapsa, bwana wathawa ndi ndalama, katundu wake anthu amutaya. Munthu amene wagula masheya a makampani ambiri tsoka lotere silimupweteka kwambiri, chifukwa pamene kampani ina ikulira ina imakhala ikuseka. Koma pali mavuto amene amagwira onse nthawi imodzi, monga chilala, nkhondo, kusowa kwa mafuta, kapena kukwera kwa chiwongoladzanja. Awa ngakhale mutamwaza ndalama zanu chotani, akupezani ndithu. CAPM imati msika umalipira munthu chifukwa chosenza chiopsezo chachiwirichi chokha, popeza choyambacho akanatha kuchithawa popanda kulipira kanthu.

Beta ndi muyeso wa chiopsezo chachiwiricho. Msika wonse uli ndi beta ya 1. Sheya ya beta 1.5 kawirikawiri imakwera ndi kutsika kuposa msika: msika ukasuntha ndi 2 peresenti, iyo imasuntha ndi 3 kapena chapompo. Ya beta 0.5 imasuntha theka. Ngongole ya boma ili ndi beta ya 0, chifukwa chimene mudzalandire chinalembedwa kale, kaya msika ukwere kaya ugwe.

Pamapepala samuyo amailemba motere:

```
E(Ri) = Rf + β × (E(Rm) − Rf)
```

Rf ndi chiwongoladzanja chopanda chiopsezo, 4 wathu uja. E(Rm) ndi phindu loyembekezeka pa msika wonse, lomwe ndi 10. β ndi beta, ndipo E(Ri) ndi yankho lomwe tikufuna. Taonani kuti Rf akupezeka kawiri, koyamba akuphatikizidwa, kachiwiri akuchotsedwa. Mavuto onse amayambira pamenepo.

Tiyambe ndi zam'kati. Pa 10 wa msika tichotsepo 4 wa boma, patsala 6. Uyu ndiye malipiro a chiopsezo, gawo limene munthu amalandira chifukwa chosiya mtendere wa ngongole ya boma n'kulowa pamsika. Sheya yathu imasenza chiopsezo cha msika kamodzi ndi theka, ndiye 6 kuchulukitsa ndi 1.5 ikutipatsa 9. Pomaliza tibwezerepo 4 amene munthu akanalandira ngakhale atangokhala phee, ndipo tapeza 13.

Wopeza 9 waima panjira. Wapeza malipiro a chiopsezo a sheyayo n'kuiwala kubwezerapo 4. Wopeza 19 wachulukitsa 1.5 ndi 10 yense, kenako n'kuphatikizapo 4, osazindikira kuti mu 10 muja muli kale 4, choncho wamuwerenga mobwereza. Cholakwa chachiwirichi nthawi zambiri chimachokera pa kawerengedwe ka funso. Mafunso ena amapereka phindu la msika wonse, ndiye muyenera kuchotsa nokha. Ena amapereka malipiro a chiopsezo atachotseratu, ndiye mukachotsanso mwachotsa kawiri: 6 kuchotsa 4 kutsala 2, yankho n'kutuluka 7. Musanagwire kakyuleta, dzifunseni kaye ngati nambala mwapatsidwayo ndi ya msika wonse kapena ndi yapamwamba pa boma.

Yankho la 9 ndi la 7 mungathe kuwakana musanawerengenso chilichonse. Sheya ya beta yoposa 1 ndi yoopsa kuposa msika, ndiye singapereke zochepa kuposa 10 wa msikawo. Chimodzimodzinso, sheya ya beta yapakati pa 0 ndi 1 yankho lake liyenera kugwera pakati pa 4 ndi 10. Koma 19 amadutsa pa sefa imeneyi bwinobwino, popeza ndi woposa 10. Kuti mumugwire, yesani njira yanuyo poika 1 m'malo mwa beta. Ngati njirayo ndi yolondola iyenera kukubwezerani 10, chifukwa beta ya 1 ndi msika weniweniwo. Njira ya 19 ija ikupatsani 4 kuphatikiza 10, yomwe ndi 14. Ndiye kuti msika ukupereka zoposa msika womwewo, zomwe n'zosatheka.

Pali njira ina yotsimikizira yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa siingokuuzani kuti mwakhoza koma imakuonetsani chifukwa chake. Tiyerekeze muli ndi K100,000 yanuyanu. Mwakongola K50,000 ina pa chiwongoladzanja cha boma chija, 4 peresenti, ndipo K150,000 yonseyo mwagulira masheya a msika wonse, pang'onopang'ono pa kampani iliyonse. Msika ukapereka 10 peresenti, mwapeza K15,000. Wokukongozani mumulipira K2,000. Mwatsala ndi K13,000 pa K100,000 yanu, yomwe ndi 13 peresenti. Nanga beta yanu ndi chiyani? Pa kwacha iliyonse yanu mwaika kwacha imodzi ndi theka pamsika, ndiye beta yanu ndi 1.5 ndendende.

Tanthauzo lenileni la samuyi lagona pamenepa. Ngati munthu angathe kudzipangira yekha beta ya 1.5 pongokongola ndi kugula msika wonse, n'kuyembekezera 13, palibe chifukwa choti agule sheya ya beta 1.5 yolonjeza 11. Anthu aikana mpaka mtengo wake utsike kufika poti wogula akuyembekezera 13. Ikalonjeza 16, aithamangira mpaka mtengo ukwere. Choncho 13 si ulosi wa zimene kampaniyo ichite chaka chino. Ndi mulingo wa zimene muyenera kufuna musanavomere kusenza chiopsezo chotero.

Ndipo chiopsezocho si chongolemba papepala. Msika ukagwa ndi 20 peresenti, K150,000 ija yataya K30,000, ndipo wokukongozani akufunabe K2,000 yake. Mwaluza K32,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zanu. Mukaika −20 m'malo mwa 10 mu samu ija mupezanso −32. Mawu oti phindu loyembekezeka amatanthauza avereji ya zaka zabwino ndi zoipa zonse pamodzi, ndipo n'zotheka kusunga sheyayo zaka khumi osaona chaka n'chimodzi chomwe chimene yapereka 13 weniweni.

Mafunso ena amabwera chambuyo: amakupatsani 13, 4 ndi 10, n'kukufunsani beta. Chotsani 4 mbali zonse ziwiri musanagawe. Pa 13 patsala 9, pa 10 patsala 6, ndipo 9 kugawa ndi 6 ndi 1.5. Wofulumira amagawa 13 ndi 10 n'kupeza 1.3, nambala yooneka bwino moti sakayikiranso. Mukaibweza mu samu ikupatsani 11.8, osati 13, ndipo kubweza kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Tsopano funso limene limakola ngakhale anzeru. Chiwongoladzanja cha boma chakwera kuchoka pa 4 kufika pa 6. Kodi phindu loyembekezeka pa sheya yathu likwera kapena litsika? Yankho likudalira chimene funsolo lasiya chosasintha. Ngati malipiro a chiopsezo akadali 6, ndiye kuti msika wakwera kufika pa 12, ndipo sheya yathu ikufuna 6 kuphatikiza 9, yomwe ndi 15. Koma ngati funsolo likuti msika ukadali pa 10, malipiro a chiopsezo afupika kufika pa 4. Kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 6, kuphatikiza 6 ndi 12. Latsika! Ophunzira ambiri akaona 12 amafufuta poganiza kuti alakwitsa, chonsecho akhoza. Kumbukirani munthu wa K100,000 uja: msika ukumupatsabe K15,000, koma ngongole yake yadula, tsopano akulipira K3,000, watsala ndi K12,000. Kwa sheya ya beta yochepera 1 zimatembenuka, chifukwa mwini wake ali ngati wokongoza boma gawo la ndalama zake, ndiye chiwongoladzanja chikakwera iye amakondwa. Pa moyo weniweni, njira yoyambayo ndi imene akatswiri ambiri amatsata, popeza n'zovuta kukhulupirira kuti anthu angapitirize kufuna 10 yemweyo pamsika pamene boma lawonjezera zimene likupereka.

Zonsezi ndi za samu, ndipo samu ikalakwika imagwidwa mosavuta. Chovuta kugwira ndi pamene samu yayenda bwino koma 4 weniweniyo ndi wolakwika. Kodi chiwongoladzanja chopanda chiopsezo chimachokera kuti, ndipo ndi chiopsezo chiti chimene chilibe?

Mabuku ambiri a maphunzirowa analembedwa ku America ndi ku Britain, ndipo 4 wawoyo ndi wa ngongole ya boma la America m'madola kapena la Britain m'mapaundi. Amati ilibe chiopsezo chifukwa cha chinthu chimodzi chokha: mukudziwiratu kuchuluka kwa ndalama zimene mudzalandire ndi tsiku lake, m'ndalama ya dzikolo. Sakunena kuti ndalamazo zidzagula zinthu zochuluka bwanji.

Kuno ku Malawi, zofanana nazo ndi zikalata za ngongole ya boma za masiku 91, 182 ndi 364, zomwe amabanki amazitcha matirezhale bilu ndipo zimagulitsidwa kudzera ku Banki Yaikulu. Mu 2024 chikalata cha masiku 364 chinkapereka zoposa 20 peresenti. Munthu amene akuyeza sheya ya pamsika wa masheya wa ku Blantyre, yogulidwa m'makwacha ndi yolipira m'makwacha, n'kutenga 4 wa m'buku, amapeza 13 wosalakwika pa samu koma wopanda nzeru. Ndani akanasenza chiopsezo cha masheya pofuna 13 mu 2024, pamene boma linkapereka pafupifupi kawiri kake? Lamulo lake n'lakuti manambala onse a mu samu akhale a ndalama imodzi. Ngati phindu likubwera m'makwacha, Rf akhale wa makwacha.

Koma 20 ndi kanthu uja asakusangalatseni msanga. Tiyerekeze chikalata chikupereka 25 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera ndi 30 peresenti m'chaka chomwecho, zomwe sizili kutali ndi zimene tinaona mu 2024. Mwakongoza boma K100,000, mwalandira K125,000 tsiku lolonjezedwalo popanda kupereweza tambala. Koma katundu amene anali K100,000 tsopano ali pa K130,000. Mukagawa 125 ndi 130 mupeza kuti mphamvu ya ndalama zanu yatsika ndi pafupifupi 4 peresenti, tisanachotsepo msonkho. Mitengo ikamakwera pang'ono, kungochotsa nambala ina pa inzake kumakwanira, koma pa manambala akuluakulu ngati athuwa gawani, chifukwa kuchotsa kukupatsani 5 m'malo mwa 3.8. Apa palinso msampha wina wa mayeso: funso lingapereke Rf yemwe achotsamo kale kukwera kwa mitengo, pamene phindu la msika sanachotsemo. Awiriwo sayendera limodzi mpaka mutawafananitsa.

Kwa amene amawerengera chuma chake m'madola kapena m'mapaundi, monga abale athu okhala kunja amene amaika ndalama kumudzi, chikalata cha makwacha chili ndi chiopsezo chachikulu ndithu. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. K1,000,000 yomwe inali pafupifupi madola 850 inatsala madola osakwana 600 usiku umodzi. Boma silinaphwanye lonjezo lililonse kwa mwini chikalatacho, koma iye wowerengera m'madola anaona ndalama zake zitaphwa. Chimene chilibe chiopsezo kwa wa ku Zomba chingakhale choopsa kwa mbale wake wa ku Leeds.

Ngakhale lonjezo la kubweza lenilenilo si la mwala. Anthu amakonda kunena kuti boma silingalephere kubweza ngongole ya m'ndalama yake, popeza lingathe kungosindikiza ina. Mbiri ikukana. Mu Ogasiti 1998 boma la Russia linalephera kulipira ngongole zake za nthawi yochepa za m'ndalama yake yomwe. Mu Disembala 2022 boma la Ghana linapempha eni zikalata za ngongole yam'dziko kuti azisinthe ndi zina zolipira mochedwa ndiponso mochepa, ngakhale kuti zikalata zazifupi zija sanazikhudze. Ndiye mu chiwongoladzanja cha boma lililonse lomwe lili ndi ngongole yolemera muli kagawo kolipira mantha a wokongoza. N'chifukwa chake akatswiri ena amayamba achotsa kagawo kameneka kuti apeze Rf woyera, kenako n'kukawerengera chiopsezo cha dziko pachokha. Choipa ndi kuchiwerenga kawiri, kamodzi chili chobisika mu Rf, kachiwiri n'kuchiwonjezeranso pamwamba. Ndi cholakwa cha 19 chija chitangovala suti.

Nkhani ya nthawi ndi yachidule. Ngati mukuyeza phindu la miyezi itatu, chikalata cha masiku 91 n'choyenera. Ngati mukuyeza kampani yomwe idzapereke phindu kwa zaka zambiri, ambiri amatenga ngongole ya boma ya zaka 10, chifukwa ya masiku 91 simudziwa kuti ikatha mudzakongozanso pa chiwongoladzanja chanji. Chimene mwasankhacho chikhale chomwecho malo onse awiri mu samu. Ndipo ngati manambala a msika ndi a pamwezi, 4 wa pachaka musamuike momwemo osamugawa.

Munthu wathu wa K100,000 anachitanso chinthu chimene inu ndi ine sitingachite: anakongola pa chiwongoladzanja cha boma. Banki iliyonse imatikongoza pamwamba pake, osanena za katapila. Fischer Black analemba za vutoli mu 1972, ndipo kafukufuku wa pamsika wa ku America kuyambira nthawi imeneyo wakhala akuonetsa kuti masheya a beta yaikulu amapereka zocheperapo kusiyana ndi zimene samuyi imanena, pamene a beta yaing'ono amapereka zochulukirapo. Mu 1992 Eugene Fama ndi Kenneth French anapeza kuti beta payokha imafotokoza zochepa kwambiri za kusiyana kwa phindu pakati pa masheya. Samuyi ikuphunzitsidwabe ndipo makampani akuigwiritsabe ntchito, ine ndikuona kuti n'chifukwa choti imakakamiza munthu kutchula poyera zimene akuganiza pa nambala iliyonse. Koma wolemba yankho ngati 13.27 peresenti akudzinamiza kuti akudziwa zoposa zimene angadziwe.

Beta nayo simera pamtengo. Amaipeza poyerekeza kusintha kwa mtengo wa sheya ndi kusintha kwa msika, kawirikawiri mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu. Pa kompyuta, manambala a sheya akakhala mu mzere B ndipo a msika mu mzere C, amalemba:

```
=SLOPE(B2:B61, C2:C61)
```

Mukasinthanitsa mizere iwiriyo kompyuta sidandaula, ingokupatsani nambala ina yolakwika. Pamsika waung'ono ngati wathu palinso vuto lina. Sheya ina imatha masiku ambiri popanda wogula kapena wogulitsa, mtengo wake uli duu pamalo amodzi. Kompyuta imaona ngati sheyayo siitekeseka ndi msika, n'kupereka beta yaing'ono monga 0.2, pamene zoona zake n'zakuti sinagulitsidwe chabe. Beta yotsika chonchi pa sheya yosayenda malonda ndi yofunika kuikayikira, ndipo ambiri amaisiya n'kubwereka beta ya makampani a ntchito yofanana a m'misika ikuluikulu.

Tiyeni tsono tibwereze samu yonse m'makwacha, ndi manambala ongoyerekeza. Sheya ikugulitsidwa pa K100. Wokugulitsani akuti pakutha pa chaka idzafika K124, ndipo kampani idzagawa K6 pa sheya iliyonse. Zonse pamodzi ndi K130, phindu la 30 peresenti. Kwa wonyamula 13 wa m'buku, apa ndi pothamangira. Koma tiike Rf wa makwacha, 25, tisunge malipiro a chiopsezo pa 6 ndi beta pa 1.5, ngakhale kuti 6 ameneyo kuno angakhale wochepa. Mulingo ukhala 25 kuphatikiza 9, yomwe ndi 34. Sheya yolonjeza 30 yaperewera ndi 4. Kuti wogula ayembekezere 34 pa K130 yomweyo, ayenera kugula pa K130 kugawa ndi 1.34, yomwe ndi pafupifupi K97. Ndipo ngati malipiro a chiopsezo ali 10 m'malo mwa 6, mulingo ukwera kufika pa 40, mtengo woyenera n'kutsika kufika pafupi ndi K93.